Ndalama Zimatha Bwanji mu Akaunti Imene Palibe Waigwira?

Msika wa fodya ukamatsekedwa ku Kanengo, ku Chinkhoma, ku Limbe ndi ku Mzuzu, alimi ambiri amachita chinthu chooneka chanzeru. Ndalama za mabelo awo zimalowera kubanki, ndiye akatapa zogulira feteleza, malata ndi za fizi ya ana, amasiyamo kangachepe. Amati akaunti isafe, chaka chamawa ndalama zidzapeze polowera. Mvula ikagwa amabwerera kumunda, kubanki osapondako mpaka mwezi wa Epulo. Tsiku lomwe adzafunse zotsala, nambala imene amauzidwa siigwirizana ndi imene anasunga m'mutu, ndipo mawu amene amamveka pamzere ndi akuti: "Banki yandibera."

Nthawi zambiri sipakhala wakuba. Ndalamazo zimakhala zapita mwa chilolezo chimene mwini akaunti anapereka yekha tsiku lomwe anasayina fomu yotsekulira akauntiyo, ngakhale kuti fomuyo sanaiwerenge, kapena inali m'Chingerezi cha timalemba ting'onoting'ono. Zimachoka pang'onopang'ono mwezi uliwonse, monga amachitira anankafumbwe m'thumba la chimanga: thumba lili chiimire, losokedwa bwino, koma polinyamula lapepuka.

Pofuna kuona m'mene zimachitikira, tiyerekeze mlimi wa ku Kasungu amene wasiya K60,000 mu akaunti kumapeto kwa Ogasiti. Mitengo imene ikutsatirayi ndi yongoyerekeza, chifukwa banki iliyonse ili ndi yake ndipo imasintha, koma mitundu ya zodulidwazo ndi yeniyeni. Choyamba ndi ndalama yosungira akaunti, imene pa sitetimenti imalembedwa kuti `ledger fee` kapena `maintenance fee`. Iyi imadulidwa kungoti akaunti ilipo, kaya munthu waigwiritsa ntchito kaya ayi. Tinene kuti ndi K1,500 pamwezi. Chachiwiri ndi ya mauthenga a pafoni, yolembedwa kuti `SMS alert`, tinene K600. Chachitatu ndi yolembetsera kuchita za banki pafoni, kuja munthu amaimba nambala ya nyenyezi ngati `*626#` kapena `*247#`, pamene pali mabanki ndi mitundu ya akaunti yolipiritsa pamwezi. Tiike K900. Zonse pamodzi ndi K3,000.

Pamwamba pake pamabwera msonkho. Kuyambira mu Novembala 2021, ndalama zambiri zimene mabanki a m'Malawi amalipiritsa pa ntchito zoterezi zinayamba kukhala ndi msonkho wa VAT, womwe pa nthawiyo unali 16.5 peresenti. Pa K3,000, mlingo umenewu ukupereka K495. Ndiye kuti mwezi uliwonse mu akaunti ya mlimi uja mukuchoka K3,495.

Kuyambira Seputembala mpaka Epulo ndi miyezi 8. Kuchulukitsa K3,495 ndi 8 kukupereka K27,960. Pa K60,000 ija patsala K32,040, mwini wake asanatapepo ngakhale tambala. Akanati asagulitse fodya chaka chimenecho n'kuisiya akauntiyo chigonere, ndalama yonse ikanatha patapita miyezi 17 ndi masiku ochepa.

Wina anganene kuti nanga si banki imapereka chiwongoladzanja. Imaperekadi pa akaunti yosungira, koma chiwongoladzanja chimawerengedwa pa peresenti ya ndalama imene ilimo, pomwe zodulidwa zija ndi nambala yokhazikika. Ngati banki ikupereka 4 peresenti pachaka, ndalama ya mlimiyo, yomwe ikunka nichepa mwezi ndi mwezi, ibala pafupifupi K1,200 m'miyezi 8 yonseyo. Banki yampatsa K1,200, yamtengera K27,960. Ndipo chiwongoladzanja nachonso boma limadulapo msonkho wake.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Pa chaka chathunthu zodulidwa zija zikukwana K41,940. Kwa wamalonda amene amasunga K5,000,000, ndalama imeneyi siikwana ndi 1 peresenti yomwe, ndipo chiwongoladzanja chake chimaikwirira osaiona n'komwe. Kwa mlimi wa K60,000, ndi pafupifupi 70 peresenti ya zonse anasunga. Kuti chiwongoladzanja cha 4 peresenti chingofanana ndi zodulidwazo, osapindula osaluza, mu akaunti muyenera kumakhala ndalama yoposa K1,000,000 chaka chonse. Aliyense wosunga yochepera apo pa akaunti ya mtundu umenewu akubwerera m'mbuyo. Mtengo ndi umodzi kwa onse, koma amene umamupweteka ndi wa ndalama zochepa ndi wa akaunti yogona.

Ndipo apa sitinawerengere kukwera mitengo kwa zinthu. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, K32,000 ya mu Epulo wotsatira sinkagulanso zimene K32,000 inkagula mu Ogasiti. Koma imeneyo ndi nkhani ina.

Chifukwa chake sizioneka

Munthu akagula ndiwo pamsika amatulutsa ndalama m'thumba, amaiona ikupita. Zakubanki sizidutsa m'manja. Kompyuta imadula yokha tsiku loikika, kawirikawiri kumapeto kwa mwezi, tsiku lomwelo pamene malipiro a anthu apantchito akulowa. Mphunzitsi amene walandira uthenga woti malipiro afika amayang'ana nambala yaikuluyo, K3,000 yosowayo saizindikira. Komanso si nthawi zonse pamene kudulidwa kwa ndalama zoterezi kumabwera ndi uthenga wakewake. Munthu amatha kulandira uthenga uliwonse wa ndalama imene watapa, koma wa ndalama imene banki yadzitengera osauona.

Chinanso n'choti anthu ambiri masiku ano saonanso sitetimenti. Kale kunali kabuku ka kubanki, ndipo chilichonse chinkalembedwa m'menemo mwini wake akuona. Lero munthu amangofunsa zotsala pafoni kapena pa makina a ATM, n'kuuzidwa nambala imodzi yopanda mbiri yake. Kasitetimenti kakafupi ka pafoni kamangoonetsa zochitika zochepa zomalizira, ndiye kwa munthu wotapa pafupipafupi, mzere wa `ledger fee` umakhala utakankhidwira kale kunja.

Mabanki ali ndi zifukwa zawo, ndipo sizabodza. Uthenga uliwonse umene umafika pafoni, banki imachita kugula kwa Airtel kapena TNM. Makina a ATM amafuna magetsi, jenereta, mlonda ndi galimoto yobweretsa ndalama. Makompyuta ndi mapulogalamu ake amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, choncho kwacha ikagwa, mitengo ya zimenezi imakwera. Koma n'zoonanso kuti ndalama zolipiritsazi ndi gawo la phindu la banki, osati kubweza zimene yawononga chabe. Ndipo pamene mabanki angadzudzulidwe mosakondera ndi pa kafotokozedwe. Ndandanda wa mitengo umapachikidwa m'nthambi kapena kulengezedwa m'nyuzi, m'Chingerezi cha akatswiri, pomwe amene ukumukhudza kwambiri ali ku Chamama kapena ku Santhe akupalira fodya. Wogwira ntchito amene amatsekulitsa maakaunti pamisika ndi m'midzi amafotokoza ubwino wa akauntiyo mwachangu, koma za ndalama ya pamwezi amazinena pokhapokha wina atafunsa.

Mauthenga a pafoni: kuchotsa kapena kusiya?

Anthu ambiri akazindikira za kudulidwaku, chimene amathamangira kuchotsa ndi mauthenga a pafoni. Apa m'pofunika kuyamba waganiza, chifukwa pa zodulidwa zonse zija, iyi ndi imene ili ndi ntchito yoteteza ndalama. Wakuba akapeza kadi ndi nambala yachinsinsi, kapena wachibale akatenga foni ya agogo n'kusamutsa ndalama, uthenga uja ndiwo umaulula nthawi yomweyo. Wopanda mauthenga amadzadziwa patapita masabata, ndalama zitapita kalekale. Kupulumutsa K600 pamwezi n'kutaya K300,000 tsiku limodzi si kusunga.

Funso lenileni ndi lakuti banki ikulipiritsa motani. Njira zilipo ziwiri. Ina ndi ya ndalama imodzi pamwezi, kaya mauthenga abwera 2 kaya 50. Ina ndi yolipiritsa uthenga uliwonse. Mayi wa golosale amene makasitomala ake amamulipira kudzera kubanki, n'kumalandira mauthenga 40 pamwezi pa K50 uthenga umodzi, akulipira K2,000 msonkho usanaikidwepo. Kwa iye, ndalama imodzi ya pamwezi ndiyo yabwino. Kwa mlimi amene akaunti yake imagona miyezi 8 ndi zosiyana: amalipira K600 mwezi uliwonse pa mauthenga amene sakubwera n'komwe, ndipo kulipira pa uthenga kukanamukomera.

Amene ali ndi foni yamakono ali ndi njira yachitatu. Mapulogalamu a mabanki a pafoni amaonetsa zonse zolowa ndi zotuluka, ndipo mabanki ena amatumiza uthenga womwewo pa imelo popanda kulipiritsa. Woteroyo angathe kupempha kuti mauthenga a SMS achotsedwe, bola akhale munthu woyang'ana akaunti yake pafupipafupi ndiponso wokhala ndi bandulo nthawi zonse. Wa foni ya mabatani asachotse. Angofunsa ngati n'zotheka kuti azilandira mauthenga a ndalama zotuluka zokha, poti kuba kumaonekera potuluka.

Palinso amene akulipirira mauthenga opita ku nambala imene anasiya kalekale. Simu inatayika, anagula ina, kubanki sanakanene. Banki ikudulabe, ndipo ngati kampani ya foni inapereka nambala yakaleyo kwa munthu wina, mlendo ndiye akuwerenga za ndalama zake. Kukonza zimenezi kumangofuna chiphaso cha unzika ndi fomu imodzi.

Zodulidwa zimene munthu amadziitanira yekha

Kwa wapantchito, ndalama ya pamwezi ndi chiyambi chabe. Zambiri zimapita pa kachitidwe kake. Tsiku la malipiro likayandikira, ena amafunsa zotsala kasanu patsiku kuti aone ngati zalowa, pomwe m'mabanki ena kufunsa kulikonse kuli ndi mtengo wake. Amene amalipira kale mauthenga safunika kufunsa, chifukwa uthenga udzabwera wokha. Akulipira kawiri pa chinthu chimodzi.

Kutapa nakonso n'chimodzimodzi. Ngati kutapa pa ATM kuli K500, wotapa K20,000 maulendo 10 walipira K5,000, pomwe wotapa K100,000 maulendo awiri walipira K1,000, ndalama imene atenga ili yofanana. Kuyambira pamene National Switch inalumikiza makina a mabanki a m'dziko muno mu 2015, kadi ya banki ina imagwira pa ATM ya banki ina. Izi zimathandiza kumalo kumene kuli makina amodzi okha, koma mtengo wake kawirikawiri umaposa wa pa makina a banki yako. Njira ina yodula ndi yosamutsa ndalama kuchoka kubanki kupita ku Airtel Money kapena Mpamba kenako n'kukatapa kwa ejenti: banki imadula posamutsa, kampani ya foni imadulanso potapa. Ngati cholinga ndi kugula magetsi kapena kulipira madzi, kulipira kuchokera mu akaunti momwemo kumadumpha magawo awiri onsewo. M'sitolo imene ili ndi kamakina kolipirira pa kadi, wogula kawirikawiri sadulidwa kanthu, chifukwa ndalama ya makinawo amalipira ndi mwini sitolo.

Apa pali malire ake. Kutapa ndalama yambiri nthawi imodzi kumachepetsa zodulidwa, koma kumaika ndalama m'nyumba momwe muli akuba, alendo ndi zilakolako. Amene amadziwa kuti ndalama ikakhala m'thumba siigona, K500 ya pa ATM ingakhale yotsika mtengo kuposa zimene angawononge.

Maakaunti oiwalika

Ndi anthu angati ali ndi akaunti imodzi yokha? Ina inatsekulidwa pa ntchito yakale, ina potenga ngongole, ina chifukwa anyamata a banki anabwera ndi tenti pamsika. Iliyonse mwa imeneyi, ngati ndi ya mtundu wolipiritsa pamwezi, ikudya payokha. Maakaunti atatu a K3,495 ndi K10,485 pamwezi.

Ambiri amaganiza kuti akatapa zonse n'kusiya kupitako, akaunti yatsekedwa. Siinatsekedwe. Patapita miyezi ingapo osaigwiritsa ntchito, banki imaiika m'gulu la maakaunti ogona, omwe pa makompyuta awo amalembedwa kuti `dormant`, ndipo kuti idzuke mwini wake amayenera kupita yekha ndi chiphaso. Zimene zimachitika ndi ndalama ya pamwezi pa nthawiyi zimasiyana. Mabanki ena amasiya kudula ndalama ikatha. Ena amapitiriza kuwerengera, akaunti n'kukhala ndi ngongole. Tsiku lina mwana wa ku Joni atumiza K50,000 pa nambala yakaleyo, banki iyamba yadzibwezera zake, ndipo kholo lipeza K35,000. Kumeneko ndiye kumayambira mikangano ya pabanja, wina akuganiziridwa kuti wadya ndalama.

Pali maakaunti enanso amene ali ndi mlingo wa ndalama yoyenera kutsalamo nthawi zonse. Ndalama ikatsika kupitirira mlingowo, pamakhala chilango. Choipa chake n'choti zodulidwa za pamwezi zomwezo ndi zimene zingaitsitse. Munthu wasiya ndalama yokwanira ndendende, mwezi watha, banki yadula zake, yatsika, chilango chabwera. N'chimodzimodzi ndi amene analamula banki kuti izilipira yokha inshuwalansi kapena ngongole tsiku lakutilakuti: ikapeza kuti mwapereweramo ngakhale K200, malipirowo amabwerera, ndipo chilango cha kubwerera kumeneko chimakhala chachikulu kuposa zodulidwa zina zonse za mweziwo.

Chochita

Poyambira ndi sitetimenti ya miyezi itatu. Yosindikiza pa kauntala nthawi zambiri imalipiritsidwa, ndiye amene angathe aipeze pa pulogalamu ya pafoni kapena pa imelo. Koma ngakhale italipiritsidwa, kamodzi kokha n'koyenera. Munthu atenge cholembera, achonge mzere uliwonse wa ndalama yotuluka imene sanatape, sanatumize ndiponso sanagulire kanthu. Mawu oti ayang'ane ndi `fee`, `charge`, `commission`, `levy` ndi `VAT`. Aphatikize zonse, agawe patatu kuti apeze za mwezi umodzi, kenako achulukitse ndi 12. Nambala imene ituluke ndiwo mtengo weniweni wa akaunti yake pachaka. Aiyerekeze ndi mzere wa `interest`, womwe ndi chiwongoladzanja chimene banki yamupatsa.

Ndi pepala limeneli apite kwa wothandiza makasitomala, osati kwa wopereka ndalama, ndipo afunse mosazungulira: kodi akaunti yanga ndi ya mtundu wanji, ndipo pali ina yopanda ndalama ya pamwezi? Mabanki ambiri ali ndi maakaunti osavuta a anthu opeza zochepa, a ana asukulu ndi osungira chabe, omwe salipiritsa pamwezi kapena amalipiritsa pang'ono, m'malo mwake amadula munthu akatapa. Mitundu iwiriyi palibe yabwino kwa onse. Wotapa kawiri patsiku amapindula ndi ndalama imodzi ya pamwezi. Wotapa kanayi pachaka amapindula ndi yolipira potapa. Anthu ambiri ali pa mtundu wolakwika chifukwa choti palibe anawafunsa m'mene adzaigwiritsire ntchito.

Tibwerere ku masamu a mlimi wa ku Kasungu. Atasamukira ku akaunti yopanda ndalama yosungira, n'kuchotsa za banki ya pafoni zimene sazigwiritsa ntchito nthawi ya dzinja, n'kusiya mauthenga okha, pamwezi azidulidwa K600 ndi msonkho wa K99, zonse K699. M'miyezi 8 ndi K5,592 m'malo mwa K27,960. Wapulumutsa K22,368 ndi ulendo umodzi wa kubanki. Iye asatseke akauntiyo mwachisawawa, chifukwa nambala yake ndi imene inalembetsedwa kuti ndalama za fodya zizilowera. Ngati kusintha mtundu kukubweretsa nambala yatsopano, akaidziwitse kumene amagulitsira msika usanatsekulidwe, apo ayi malipiro ake adzachedwa. Wapantchito naye ayambe wadziwitsa ofesi yolipira, ndipo amene ali ndi ngongole yodulidwa pa malipiro adziwe kuti banki siingalole kuti akauntiyo itsekedwe ngongole isanathe.

Akaunti yosafunikira itsekedwe mwadongosolo: kulemba kalata kapena fomu, kubweza kadi, kulipira chotsala ngati chilipo, ndi kutenga umboni wolembedwa woti yatsekedwa. Mabanki ena amalipiritsa potseka, koma imeneyo ndi ndalama ya kamodzi. Ndalama imene munthu akudziwa kuti saigwira kwa miyezi itatu kapena kuposera apo angaiike pa akaunti yotsekera kwa nthawi yoikika, imene imapereka chiwongoladzanja chokulirapo ndipo kawirikawiri siidulidwa pamwezi, ngakhale kuti imafuna ndalama yoyambira yochulukirapo ndipo kuitsekula nthawi isanakwane kumaluzitsa chiwongoladzanjacho. Ena amasankha SACCO kapena banki mkhonde pa ndalama zing'onozing'ono. Kumeneko kulibe `ledger fee`, koma kuli zoopsa zake, makamaka gulu likakhala ndi msungichuma wosakhulupirika kapena mamembala osabweza.

Nthawi zina sitetimenti imaonetsa cholakwika chenicheni: ndalama ya mauthenga yadulidwa kawiri mwezi umodzi, kapena munthu akulipirira ntchito imene sanapemphe, kapena mtengo wodulidwa sukufanana ndi wa pa ndandanda. Zikatero dandaulo liyambire kubanki komweko, lolembedwa, lotchula tsiku ndi ndalama yake, ndipo mwini wake asunge kope lodindidwa. Banki ikapanda kuthandiza, nkhani imapita ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira mabanki onse ndipo imalandira madandaulo a makasitomala awo. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission nalo limamva madandaulo a ogula.

Chenjezo limodzi lokha: nkhani ya zodulidwa yakhala nyambo ya akathyali. Amaimba foni kapena kutumiza uthenga wonena kuti banki ikubweza ndalama imene inadula molakwika, ndiye atumizidwe nambala yachinsinsi kapena manambala amene angofika pafoni. Palibe banki imene imafunsa nambala yachinsinsi, kaya pafoni kaya pa kauntala.

Mitengo ya mabanki imasinthidwa kawirikawiri, ndipo akaunti imene inali yotsika mtengo zaka zitatu zapitazo mwina lero siili choncho. Owerenga amene papita chaka asanaone sitetimenti yawo akaipemphe mwezi uno, ndipo akafunsenso ndandanda wa mitengo ya chaka chino asanatuluke m'bankimo.